Mukalakwitsa nambala, mukupikisana ndi miyendo ya wolandira

Chotopetsa n'chakuti anthu amaganiza kuti akatumiza ndalama pa foni ku nambala yolakwika, kampani ya foni imangodina batani ndalama n'kubwerera. Ayi ndithu. Chimene ingagwire ndi ndalama yomwe ikadali m'foni mwa wolandirayo basi.

Tiyerekeze muli pa Kasungu boma, mukutumiza K50,000 ya feteleza kwa achimwene ku Nkhamenya. M'malo mwa 47 mwalemba 74. Dzina lachilendo linaoneka musanaike nambala yachinsinsi, koma ndani amawerenga ali pamzere wa ejenti, dzuwa likuswa mtengo?

Apa ambiri amayamba kuimbira wolandirayo n'kumuchonderera. Mwamudzutsa nokha! Akakhala wosaopa Mulungu athamangira kukatapa, foni n'kuthimitsa. Yambani mwaimbira kampani, muwauze nambala yanu, nambala yolakwikayo, kuchuluka kwa ndalama, nthawi, ndi nambala yaitali ija ya mu uthenga wotsimikizira. Uthengawo musafufute. Ndalama ikapezeka yonse, amatha kuitseka kuti isatuluke, koma kubweza sikuchitika pompopompo, kawirikawiri amafuna amvenso mbali ya winayo. Pamenepo mwayi ulipo ndithu, kungoti feteleza adikira.

Ngati watapa kale K40,000, yogwirika ndi K10,000 yotsalayo. Inayo ndi nkhani ya kupolisi, ndipo mwini nambalayo mwina ali ku Nsanje, mwina simu analembetsa pa chitupa cha agogo ake. Thiransipoti yolondolera nkhaniyo ingathe kuposa ndalama mukuifunayo.

Ejenti musamukalipire ngati nambala munamulembera nokha pakapepala.