Funso la chipewa silipulumutsa dzanja

Maganizo anga ndi akuti mayeso ambiri a chitetezo amene timalembetsa antchito atsopano kufakitale ndi kumgodi sayesa kanthu. Timafunsa kuti, "Kodi muyenera kuvala chipewa cholimba? Inde kapena ayi." Ngakhale munthu amene sanapondeko pageti akhoza funso limeneli. Aliyense akamapeza 100 peresenti, musadzitame kuti mwaphunzitsa bwino, mafunso anuwo ndiwo alibe mano.

Funso labwino limamuimika munthu pamalo enieni, n'kumupanikiza monga momwe ntchito imapanikizira. Onani ili:

"Kwatsala mphindi 15 kuti shifiti ithe. Mwala wapanikizika pakati pa lamba wonyamula miyala ndi gudumu lake lakumunsi, ndipo lamba waima. Mwalawo mukuuona, dzanja likhoza kufikapo. Muchita chiyani musanaukhudze?"

A. Kukoka chingwe choimitsira lamba mwadzidzidzi kuti mota isayake.
B. Kuzimitsa pabatani, mnzanu n'kuima pomwepo kuti wina asayatse.
C. Kutenga chitsulo chachitali kuti dzanja lisalowe pansi pa lamba.
D. Kudula magetsi pa swichi yaikulu ya lambayo n'kukhomapo loko yanu.

Yankho ndi D, koma luso lonse lili pa atatu olakwikawo. Lililonse ndi chinthu chimene anthu amachitadi, ndipo chimaoneka chanzeru. Chingwe chija chimangodula magetsi olamulira mota, magetsi aakulu amakhala alipobe, ndipo wina amene sakukuonani akhoza kuchibwezeretsa lamba n'kuyambanso. Mnzanu woima pabatani amaitanidwa kwina, komanso malamba ambiri amayatsidwa kuchokera kuchipinda choyendetsera makina, osati pabatani lomwe iye akulondera. Chitsulo nacho chikagwidwa pamene lamba amakumana ndi gudumu, chimakoka mkono munthu asanaganize zochitaya. Mayankho otere simuwapeka muli muofesi. Atengeni m'malipoti a ngozi zimene zinatsala pang'ono kuchitika, ndiponso kwa akapitawo, chifukwa iwowo amadziwa njira zachidule zimene anthu amadutsa.

Taonaninso kuti mayankho onse anayi ndi ofanana kutalika. Ambiri okonza mafunso amadzaza yankho lolondola ndi mawu, ena atatuwo n'kukhala afupiafupi, ndipo olemba mayeso sachedwa kutulukira kuti lalitali ndiye lake. Yankho loseketsa, monga "kuthawira kunyumba", musaliike n'komwe, limangochepetsa zosankha.

Funso lotsatira likhale pa lamba yemweyo: loko mwakhoma, kenako chiyani? Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pafunika kupachika kachikwangwani ka dzina lanu, kiyi kukhala m'thumba mwanu, kenako kudina batani loyatsira kuti mutsimikize kuti mwadula swichi yoyenera. Ndipo magetsi si mphamvu yokhayo. Lamba wopanikizika amakhala wokungika, moti mwala ukangochoka akhoza kutsetsereka mota ili chete, ndipo wokwera chitunda atasenza miyala akhoza kubwerera m'mbuyo. Ayenera kumasulidwa kukungikako kapena kumangidwa kaye. Ngati ogwira ali atatu, maloko akhalenso atatu.

Koma chenjerani ndi amene mukumufunsa. Ngati malamulo a pamalopo salola wantchito watsopano kudula magetsi yekha, D asinthe, akhale wakuti aime patali n'kuitana wololedwa. Mayeso okopera kukampani ina amaphunzitsa munthu ndondomeko ya eni ake, yotchula maswichi amene kwanuko kulibe.

Pa kachongedwe ndiye sindigwirizana ndi ambiri. Mafunso 20, okhoza ndi amene wapeza 80 peresenti: ndiye kuti munthu akhoza kulakwa anayi n'kulowa ntchito. Nanga anayiwo akakhala a loko, a kuima pansi pa katundu wolendewera, a denga la mgodi losachirikizidwa, ndi a mnzake wakomoka m'thanki? La thankilo ndi loopsa chifukwa mtima umati lowa ukamutenge, pamene mpweya umene wagwetsa woyambayo ugwetsanso wachiwiri. Okosijeni mumpweya wabwino ndi pafupifupi 20.9 peresenti, ikatsika pansi pa 19.5 salowamo wopanda chopumira, ndipo mphuno siimva kuti yachepa. Yankho ndi kuliza alamu, kuitana gulu lopulumutsa, n'kukhala kunja.

Mafunso ngati amenewa muwapatule, asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo wolakwa limodzi lokha asapite kumakina mpaka atafotokozeredwanso ndi kufunsidwa funso lina pa ngozi yomweyo, osati lomwe lija, poti chilembo D wachiloweza kale. Amene amavutika kuwerenga mumuwerengere m'chilankhulo chake, mumuonetse chithunzi cha lamba weniweni wa pamalopo, aloze ndi chala pamene angakhome loko.