Kadi ya mbale yaulere siimanga kasitomala

Eni malesitilanti pa Ntcheu ndi pa Dedza, kadi yodinda ija, yoti munthu akadya mbale 10 ya 11 adye ulere, ine ndimaiona ngati ngongole yomwe mwadzikongoza nokha.

Tiyerekeze kuti nsima ya nkhuku mukugulitsa K5,000, ndipo ufa, nkhuku, mafuta, makala ndi malipiro a ophika zikudya K3,500. Phindu ndi K1,500. Mbale 10 zikupatsani K15,000, koma yaulere ija ichotsapo K3,500, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a phindulo. Kutsitsa mtengo ndiye kumapweteka koposa. Mukachotsa K500 pa mbale, phindu latsala K1,000, ndipo muyenera kugulitsa mbale 150 kuti mupeze ndalama yomwe munkapeza ndi mbale 100. Ophika ndi omwewo, mipando ndi yomweyo.

Nanga amadzaza kadiyo ndani? Aphunzitsi, a m'maofesi a pa boma, madalaivala a minibasi, anthu omwe ankabwera kale popanda kuwanyengerera. Wodutsa pa M1 kupita ku Blantyre amangoiponya m'chikwama n'kuiwala. Komanso chidindo chikakhala poyera, woperekera zakudya amadindira anzake. Madzulo aliwonse zidindo zizifanana ndi mbale zomwe zalipiridwa.

Amayi ogulitsa mbatata ya kachewere ndi tomato pa Lizulu ndi pa Tsangano anaidziwa kale nkhaniyi. Basela salemba pa pepala. Amayamba akuyang'ana, akuzindikira, kenako akuti "achimwene, tengani izi mukapatse ana." Wogula amathokoza chifukwa samaziyembekezera. Mbale ya pa kadi munthu sathokoza, amaitenga ngati yake kale, ndipo tsiku lomwe mudzasiye adzadandaula kuti mwamulanda.

Chomwe chimamanga munthu ndi kudziwidwa. Woperekera adziwe kuti bambo aja amakonda chiganga osati ntchafu, mayi aja safuna mchere wambiri, dalaivala uja ali ndi mphindi 10 zokha, ndiye akaimba foni ali pa Mlangeni mbale imudikirire yotentha. Nsima ndi ndiwo zisachepe ufa ukadula. Bola kukweza mtengo n'kuwauza chifukwa chake, anthu amamva. Ndiwo zikapserera, sinthani mbale pomwepo osakangana. K3,500 yomweyo mukaiwonongera apa, munthu akaifotokozera ofesi yonse. Ndipo musamasinthesinthe antchito, chifukwa woperekera akachoka amapita ndi zonse zomwe ankadziwa za makasitomala anu.

Kadi ili ndi ntchito yake, koma yochepa: malo akakhala atsopano, kapena pofuna kudzaza maola omwe mipando imakhala yopanda anthu, ndipo ikhale ndi tsiku lothera.

Kuti mudziwe omwe ali anu, lembani m'kope makasitomala 20 obwerabwera, muzichonga akabwera kwa mwezi umodzi kadi ilipo. Mwezi wotsatira iimitseni, muchongenso. Amene achepetsa kubwera, kapena asamukira kwa mnzanu wotsika ndi K500, ankatsata mtengo. Otsalawo muwadziwe mayina ndi zomwe amadya.