Abambo, chida chikayamba kufooka pitani mukayezetse shuga ndi magazi

Abambo anzanga, ndapempha kuti lero tikhale patokha amuna okhaokha, chifukwa nkhani ndabwera nayoyi ena mwa inu simungaiyambe ngakhale ndi mayi akunyumba. Achinyamata muli kumbuyoko musaseke, nanunso ikukukhudzani. Ndikunena za kufooka kwa chida cha abambo: kukanika kudzuka, kudzuka mofewa, kapena kugona pakati pa ntchito. Pamalo antchito ngati ano nkhaniyi imangomveka m'nthabwala, akuti uje anagwa mumpapaya, aliyense n'kuseka. Koma mwa oseka omwewo muli ena amene m'thumba mwawo muli kabotolo kogula padepoti. Khalidwe limeneli ndi limene ndabwera kudzadzudzula.

Choyamba mudziwe chimene chimadzutsa chida. Mulibe fupa mmenemo. Ndi magazi. Mwamuna akakhala ndi chilakolako, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'minyewa, mitsempha ya magazi ya m'chidamo imatseguka, magazi amadzaza, ndipo amatsekeredwa momwemo mpaka ntchito itatha. Choncho pafunika mitsempha ya magazi yosatsekeka, minyewa yamoyo, ndi mtima wokhazikika. Chimodzi mwa izi chikaonongeka, chida chimafooka.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mutchere khutu. Mitsempha yopititsa magazi kuchida ndi yaing'ono kwambiri, m'mimba mwake milimita imodzi kapena awiri. Yodyetsa mtima ndi yokulirapo, mamilimita atatu kapena anayi. Aliyense amene anakonzapo mipope ya madzi akudziwa kuti dzimbiri likayamba, paipi yaing'ono ndi imene imayamba kutsekeka, yaikulu idakatulutsa madzi bwinobwino. M'thupi ndi chimodzimodzi. Shuga, kuthamanga kwa magazi, mafuta ochuluka m'magazi ndi fodya zimaononga mitsempha ya thupi lonse nthawi imodzi, koma poyamba kuonekera ndi kuchipinda. Madokotala a mtima anapeza kuti mwa amuna ambiri vuto la kuchipinda limayamba zaka ziwiri mpaka zisanu matenda a mtima asanaonekere. Zaka zimenezo ndi mwayi wanu woti mukonze zinthu. Inu mumazithera kwa ogulitsa mizu.

Ndikupatseni chitsanzo, osati cha munthu wa pano, musayambe kuyang'anana. Tiyerekeze bambo wa zaka 46, dalaivala. Tsiku lonse amakhala pampando, nkhomaliro yake ndi chipisi ndi chakumwa chotsekemera, mimba yatsogola, amasuta, Loweruka amamwa. Vuto lake silinabwere tsiku limodzi. Chaka chatha chida chinkadzuka koma chosalimba ngati kale. Kenako chinayamba kugona pakati panjira. Pano ngakhale kum'bandakucha, nthawi imene kale ankadzuka chili chilili, palibe chikuchitika. Usiku amadzuka kangapo kukataya madzi, ludzu silimuthera, kuphazi amamva dzanzi. Iyeyo zonsezi saziphatikiza. Akuganiza kuti wina anamumanga, mwina mkazi amene anasiyana naye kalekale. Wayamba kutafuna gondolosi, wapita kwa sing'anga, watemera mphini m'chiuno, ndipo mnzake wamupatsa mapiritsi opanda pepala.

Bamboyu akanapita kuchipatala, zoyamba kuchitika n'zosavuta ndipo sizichititsa manyazi. Amamuyeza kuthamanga kwa magazi pamkono. Zikamapezeka mobwerezabwereza pa 140/90 kapena kuposa, ndiye kuti bipi yakwera. Amamubaya kachala m'mawa asanadye kanthu. Makina akaonetsa 126 mg/dL kapena kuposa, amene pamakina ena ndi 7 mmol/L, ndipo zikabwerezanso tsiku lina, ndi matenda a shuga. Amamufunsa mankhwala amene akumwa, fodya, mowa, ndi mmene zinthu zilili panyumba. Kwa bambo ngati uyu, ludzu, kukodzakodza ndi dzanzi zija zikuloza ku shuga amene wakhala m'thupi zaka osadziwika. Shuga ndi woipa pankhaniyi chifukwa amaononga mbali ziwiri, mitsempha ya magazi ndi minyewa yomwe. Akapezeka msanga, munthu n'kuyamba mankhwala monga metifomini, kusintha kadyedwe, kuyenda pansi, kusiya fodya ndi kuchepetsa mimba, kuonongekako kumachedwa ndipo ena mphamvu zimabwererako ndithu. Akachedwa zaka zambiri minyewa itafa, sindikunamizani, kubwerera kwake n'kovuta, ndipo nthawi imeneyo shuga yemweyo amakhala atayamba kale kugwira maso, impso ndi mapazi.

Si kufooka kulikonse kumene kuli matenda a mitsempha. Mwamuna aliyense zimamuchitikira tsiku lina atatopa, ataledzera, kapena mutu uli pa ngongole ya katapila. Pali njira yoti muyambe kusiyanitsira nokha. Ngati vuto labwera mwadzidzidzi, masiku ena zikuyenda ena ayi, ndipo m'mawa chida chikudzukabe cholimba, kawirikawiri gwero lake ndi maganizo: nkhawa, mkangano wa m'banja, kapena mantha oti zilepherekanso ngati dzulo. Izi zimathandizika pokambirana ndi mayi ndi achipatala, ndipo achinyamata ambiri vuto lawo ndi limeneli. Koma ngati labwera pang'onopang'ono, likukulirakulira, ndipo kudzuka kwa m'mawa kwasowa, ganizirani za thupi. Likatha miyezi itatu likubwerezabwereza, musadikirenso. Ndipo ngati pamwamba pa izi mukumva kuthina pachifuwa kapena kubanika mukakwera chitunda, pitani sabata yomwe ino.

Tsopano za mapiritsi a m'thumba aja. Mankhwala enieni alipo, dzina lake silidenafilo, amene ambiri mumawadziwa kuti Vayagira. Anavomerezedwa ku Amereka mu 1998, ndipo akaperekedwa ndi dokotala kwa munthu woyenera amathandiza. Ntchito yake ndi kuthandiza mitsempha kutseguka. Sabweretsa chilakolako, sakulitsa chida, ndipo sachiza shuga kapena bipi imene yayambitsa vutolo. Ambiri dokotala amawayambitsa pa mamiligalamu 50, pafupifupi ola limodzi asanakhale malo amodzi ndi mayi, ndipo samwedwa koposa kamodzi patsiku. Ndiye ndimve kuti wina wameza awiri nthawi imodzi n'kutsirira mowa kuti akaonetse chamuna kumalo ogona alendo! Bambo, mwana wanu wasukulu adzalipiriridwa ndi ndani?

Choopsa chachikulu ndi ichi. Alipo mankhwala a mtima amene amapatsidwa kwa anthu omva kupweteka pachifuwa, ena oika kunsi kwa lilime kapena opopera mkamwa, gulu lake amati manaitireti. Munthu amene akumwa amenewa akawonjezera silidenafilo, kuthamanga kwa magazi kumatsika mwadzidzidzi, akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene. Wogulitsa pamsika sakufunsani za mtima wanu. Amafunsa kuti mukufuna angati.

Ena mumati ine sindimwa mapiritsi, ndimamwa zachilengedwe. Kodi mumadziwa zimene zili m'botolomo? Mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Zambia, chimene chinkagulitsidwanso kuno, chinaletsedwa atachiyeza n'kupeza kuti munali silidenafilo amene sanalembedwe pabotolo. Chimenecho chinali cha kufakitale, chokhala ndi chizindikiro. Nanga ufa wa m'kapepala ndi madzi a m'botolo lakale, amene wasakaniza simukumudziwa, muyezo wake mungaudziwe bwanji? Munthu wa mtima amamwa akuganiza kuti ndi mizu chabe.

Pali ngozi inanso imene amuna amabisa mpaka zitaipa. Chida chikadzuka n'kukana kugona, chikupweteka, maola anayi n'kukwana, imeneyo si mphamvu ayi. Magazi atsekeredwa ndipo mnofu wa m'katimo ukusowa mpweya. Thamangirani kuchipatala usiku womwewo, ndipo mukanene zoona za chimene mwamwa. Amene amadikira kuti kuche kawiri chifukwa cha manyazi amatha kutaya mphamvuzo mpaka kalekale.

Ndilankhulenso ndi inu amene muli kale pa mankhwala a bipi, chifukwa ndikudziwa zimene ena mumachita. Mumamva kumowa kuti mapiritsi a bipi amapha kuchipinda, inu n'kuwasiya mwakachetechete. N'zoona kuti ena mwa mankhwalawa, monga okodzetsa aja ndi puropuranololo, amafooketsa amuna ena. Koma mitundu ya mankhwala a bipi ndi yambiri, ndipo dokotala akhoza kukusinthirani. Kusiya nokha ndi kuitana sitiroko, ndipo bipi yosasamalidwayo ndi imene imamaliza kuononga mitsempha ya chida chomwecho. Bwererani kukiliniki ndi kabuku kanu ka kuchipatala mukanene kuti chiyambireni mapiritsi awa zinthu kunyumba zasintha. Amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a matenda a maganizo, lamulo ndi lomweli: osasiya, ndipo osawonjezera mapiritsi a mphamvu musanafunse, chifukwa ena sagwirizana.

Za mayi akunyumba ndinenepo pang'ono, poti apa ndi pamene mabanja akupasuka popanda chifukwa. Bambo akayamba kufooka amakhala chete, amabwera usiku, amagona atayang'ana kukhoma. Mayi amaganiza kuti kwapezeka wina. Ena mumafika popita kunja kukayesa ngati vuto ndi mayiwo, n'kubwerako ndi matenda ena pamwamba pa oyambawo. Kunena kuti "mayi, thupi langa silili bwino, tiyeni mundiperekeze kuchipatala" n'kopepuka kuposa milandu ya kwa ankhoswe. Komanso nsima, mchere ndi shuga wa mu tiyi zikafunika kusintha, mudzafuna mayi omwewo kuti mugwirizane.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Dokotala sangalote kuti muli ndi vuto limeneli ngati mwalowa n'kunena kuti mutu ukuwawa. Simukufunika kuyambira ku Gulupu kapena ku Kamuzu Central. Yambirani pachipatala chimene muli nacho pafupi, kapena kiliniki ya shuga ndi bipi pachipatala cha boma lanu, ndipo zikafunika akatswiri adzakutumizani okha. Ngati mukuona kuti simumasuka, pemphani kuonana ndi wachipatala wamwamuna. Mukalowa nenani mosazungulira kuti mphamvu zakuchipinda zachepa, munene kuti zinayamba liti, ngati m'mawa chikudzuka, ndipo mupemphe kuti akuyezeni shuga ndi bipi. Pitani m'mawa musanadye, mutenge kabuku kanu, mapiritsi onse amene mukumwa, ndi kabotolo ka padepoti kaja kuti akaone.