Chenjezo: mafuta a m'chitini si mankhwala

Ana inu, mvetserani. Khalidwe lotsegula chitini cha sadini kapena tuna, kudya theka, kenako kupinda chivindikiro n'kuchisiya pawindo mpaka mawa, mulisiye. Ena mwa inu mumatiyankha mwachipongwe kuti nsomba ya m'mafuta siwonongeka. Anakuuzani ndani?

Chimene chimasunga nsomba m'chitini zaka zingapo si mafuta, si madzi a mchere. Ndi moto waukulu umene anaiphikira chitini chitatsekedwa kale, n'kupha tizilombo tonse m'katimo. Mukangoboola, chitetezo chija chatha, yasanduka ndiwo ngati ina iliyonse. Mafuta amangothandiza kuti nsomba isaume msanga, ndipo m'pamene amapusitsira anthu, chifukwa imaonekabe yonyezimira pamene yayamba kale kuwonongeka. Madzi a mchere aja nawo ndi ochepa mphamvu, musawayerekeze ndi mchere wa nsomba zouma za kumsika.

Mdzukulu wanga wina amachita lendi yekha m'tauni. Anatsegula tuna ya m'mafuta Lolemba madzulo, mwezi wa Okutobala kukutentha, n'kusiya yotsala pamwamba pa kabati. Lachiwiri usiku anainunkhiza, akuti inali bwinobwino, n'kuikazinga ndi tomato. Akudya anamva kuyabwa pa lilime ngati muli tsabola, chonsecho sanathiremo. Pasanathe ola nkhope inali itatentha, khosi ndi chifuwa zili zidzolo, mutu ukugunda, m'mimba mutatseguka. Anagona kuchipatala.

Nsomba za mtundu wa tuna ndi sadini zikakhala pofunda, tizilombo timapangamo poizoni wotchedwa histamini. Poizoni ameneyu safa ndi moto. Ngakhale muwiritse mpaka poto apserere, alimobe, ndipo kawirikawiri samveka fungo. Mphuno yanuyo musaidalire.

Tsono mukatsegula, yotsalayo ichotseni m'chitini, iikeni m'botolo loyera kapena m'kontena ya chivindikiro, ilowe m'furiji maola 2 asanakwane. Kukakhala kotentha kwambiri, kupitirira madigiri 32, ola limodzi basi. M'furiji yozizira bwino, madigiri 4 kapena kutsika apo, imakhala masiku 3, mukachulutsa 4. Ya m'mafuta ndi ya m'madzi a mchere malire ake ndi omwewo. Tapani ndi supuni yoyera, osati yomwe yachoka kukamwa. Ndipo magetsi akazima tsiku lonse, masiku aja musawawerengenso. Furiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira maola 4 okha, kupitirira apo tayani.

Inu opanda furiji, ndikukudandaulirani, gulani chitini chaching'ono choti muthe nthawi imodzi. Ikatsala, patsani mnzanu wa khomo loyandikana adye pomwepo. Ndikudziwa kuti ndalama ikuvuta ndipo kutaya ndiwo kumawawa, koma mwana wamng'ono kapena agogo akadya zoterezi amavutika kuposa inu anyamata.

Chitini chofufuma, chodontha, kapena chimene chapopera madzi potsegula, musachilawe ngakhale pang'ono. Chikulungeni m'jumbo, mukachitaye kutali ndi ana ndi agalu.