Uthenga ukachedwa, sikuti ndalama zasochera

Mwezi wa Januwale ndinatumiza 3,000 metikali pa foni kwa amayi kumudzi, kufupi ndi Domwe, kuti agulire feteleza wobereketsa. Ine ndinali ku Moatize. Foni yanga inalira nthawi yomweyo, uthenga wotsimikiza unafika. Patatha masiku awiri achimwene anandiimbira ndi mawu olemera: "Iwe, amayi akuti palibe chafika. Mwina zakodwa m'njira. Tumizanso, chimanga chikuchita chikasu."

Sindinatumizenso. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, poti nkhani yomweyi ndaimva ikuyambanitsa anthu ambiri kwathu ku Angonia, ku Tsangano ndi ku Makanga, ndipo amene amatukwanidwa nthawi zambiri ndi ajenti wosalakwa.

Ambiri timaganiza kuti ndalama zimatuluka m'foni mwathu, n'kuuluka mu mphepo, n'kukatera m'foni ya mnzathu. Tikamaganiza choncho, foni ya wolandira ikakhala yozima timaopa kuti ndalama zasowa potera. Koma m'foni mulibe ndalama ngakhale khobidi limodzi. Kaya ndi M-Pesa ya Vodacom, e-Mola ya Movitel kapena mKesh ya Tmcel, chimene chilipo ndi kaundula wamkulu pa makompyuta a kampani. M'kaundulamo nambala ya munthu aliyense ili ndi mzere wake, ndipo pa mzerewo palembedwa kuti mwini nambalayi ali ndi zingati. N'chifukwa chake foni ikagwera m'chitsime, mukakatenga simu ina ya nambala yomweyo, ndalama zanu mumazipeza zili chikhalire.

Taonani zimene zinachitika tsiku lija. Ndinayamba ndi kupita kwa ajenti wa pamsika ndi 3,200 m'manja. Ajentiyo nayenso ali ndi mzere wake m'kaundula uja. Analandira mapepala anga n'kuwaika m'kabati, kenaka analamula pa foni yake kuti pa mzere wake pachoke 3,200 zipite pa mzere wanga. Sanapange ndalama zatsopano, anangosinthana nane: iye watenga zamapepala, ine ndatenga zolembedwa. Nanga zolembedwa zakezo anazitenga kuti? Anazigula, pokapereka ndalama zenizeni ku banki kapena kwa ajenti wamkulu. Ndalama zenizenizo zimasungidwa m'mabanki pa akaunti yapadera, ndipo ziyenera kukwanira zonse zolembedwa pa mizere ya anthu. Banki yaikulu ya dziko lathu la Mozambiki ndi imene imayang'anira zimenezi.

Kenaka ndinaimba nambala ya nyenyezi ija. Pa M-Pesa ndi *150#, pa e-Mola ndi *898#. Njira imeneyi siifuna intaneti, n'chifukwa chake ngakhale kafoni ka mabatani kamakwanitsa. Imafanana ndi kuimba foni: mzere umatseguka kuchokera pa foni yanu, kudzera pa nsanja ya netiweki imene muli nayo pafupi, mpaka pa makompyuta a kampani, ndipo umakhala wotseguka kwa kanthawi kochepa. Mukachedwa kuyankha, kapena netiweki ikaduka, mzere umatseka. Ukatseka musanalembe nambala yachinsinsi, palibe chimene chachitika. Ukatseka mutalemba kale, apo m'pamene pofunika kudekha, chifukwa lamulo lanu likhoza kukhala kuti linafika, yankho lokha n'limene silinabwerere. Anthu ambiri amene amatumiza kawiri amagwera pamenepa.

Lamulo likafika, makina amayamba aona zinthu zingapo asanakhudze ndalama. Nambala yachinsinsi ndi yolondola? Pa mzere wa wotumiza pali zokwanira, kuphatikiza ndi mtengo wotumizira ngati ulipo? Sanapyole malire amene akaunti yake imaloledwa pa tsiku? Akaunti ya wolandira ikugwira ntchito, ndipo sinadzadze? Chimodzi chikalakwika, zonse zimakanidwa ndipo palibe chochotsedwa. Zonse zikakhala bwino, makina amachotsa 3,000 pa mzere wanga n'kuwonjezera 3,000 pa mzere wa amayi ngati ntchito imodzi. Anawapanga mwadala kuti ziwirizi zichitikire limodzi, apo ayi zilephere zonse. Ntchitoyo imapatsidwa nambala yakeyake, yomwe ija mumaiona m'uthenga wotsimikiza.

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Uthenga umabwera pambuyo, ntchito itatha kale, ndipo umayenda njira yake ina, ya mameseji wamba. Foni ya wolandira ikakhala yozima, uthengawo umasungidwa n'kumayesedwa kutumizidwanso kwa kanthawi. Mamesejiwo akadzadza m'kafoni kakang'ono, watsopano salowa. Uthenga uli ngati mwana wotumidwa kukanena kuti chimanga chathiridwa kale m'nkhokwe. Mwanayo akachedwa panjira, chimanga sichichoka m'nkhokwemo.

Kwa amayi zinali choncho. Mvula inagwa masiku atatu osakata, kasola ka pa denga sikanathe kutchaja, foni inazima. Ndinauza achimwene kuti akaitchaje pa golosale, kenaka amayi alembe okha nambala yawo yachinsinsi n'kufunsa ndalama zotsala. Patapita ola anandiimbira amayi eni ake: "Mwanawe, zilipo. Nanga zinalowa bwanji foni ili yakufa?" Zinali zitalowa tsiku lija ndinatumiza, pa mphindi imene ndinatsimikiza. Ndikanamvera zoti nditumizenso, bwenzi nditatulutsa 6,000 pa mwezi umene munthu aliyense ali pa mpanipani.

Koma mavuto a amayi sanathere pomwepo, ndipo gawo ili n'limene limandikhudza kwambiri. Anapita kwa ajenti wa pamsika wa kwathu kuti akatape, iye n'kuwauza kuti, "Amayi, lero ndilibe ndalama, ndingakupatseni 1,000 yokha." Anabwerako okhumudwa, akuti mnyamatayo akubisa. Sankabisa. Ajenti ali ndi matumba awiri, la mapepala m'kabati ndi la zolembedwa pa mzere wake, ndipo limodzi likamadzadza linzake limaphwa. Tinene kuti wadzuka m'mawa ndi 8,000 m'kabati ndi 12,000 pa mzere. Akabwera anthu anayi kudzatapa, awiri 2,000 aliyense, ena awiri 1,500 aliyense, m'kabati mwatsala 1,000 yokha, pa mzere pafika 19,000. Mpamba wake wa 20,000 udakali wonse, koma amayi anga sangaugwire m'manja.

Kumudzi ndalama zimayenda mbali imodzi malinga ndi nyengo. Januwale ndi Febuluwale ana a ku Tete, ku Moatize ndi ku Beira akutumiza, kumudzi aliyense akutapa, ndiye kabati imauma dzuwa lisanafike pamutu. Nthawi yogulitsa mbatatesi, soya ndi fodya zimatembenuka: aliyense akufuna kuika, kabati yadzadza, mzere wauma, ajenti akukana kulandira. Kuti akonze zimenezi ayenera kutseka benchi, kukwera njinga yamoto mpaka ku Ulongwe kapena kulikonse kumene kuli banki ndi ajenti wamkulu, atanyamula ndalama m'thumba pa msewu wa matope. Ulendowo amalipira ndi kaphindu kake kochepa kamene kampani imam'patsa pa ntchito iliyonse. Ine ndikuona kuti munthu ameneyu ndiye amene akusenza katundu wolemera wa njira yonseyi, ndipo si bwino kumutcha wakuba chifukwa choti wanena zoona. Amayi anatapa 1,000 tsiku limenelo. Zotsalazo anazitumiza pa foni molunjika kwa wogulitsa feteleza, osadutsanso m'kabati ya munthu.

Pali malo amodzi pamene mawu a achimwene akuti "zakodwa m'njira" angakhale oona. Kuyambira 2022 tikutha kutumiza kuchoka ku kampani ina kupita ku ina, mwachitsanzo kuchoka pa nambala yoyamba ndi 84 kupita pa yoyamba ndi 86. Apa makaundula ndi awiri, a eni osiyana, ndipo pakati pawo pali mlatho, netiweki ya SIMO imene imalumikizanso mabanki. Kampani yanu imachotsa pa mzere wanu, n'kutumiza lamulo kudzera pa mlathowo, inayo n'kulemba pa mzere wa wolandira n'kuyankha kuti zatheka. Makampaniwo amadzawerengerana ndalama zenizeni pambuyo pake. Yankho lija likaduka pakati, mukhoza kuona kuti kwanu zachoka koma uko sizinafike. Ndalamazo zimakhala zaimikidwa mpaka makaundula awiriwo atayerekezedwa, kenaka zimafika kapena kubwerera kwa inu. Pamenepa chida chanu ndi nambala ya ntchito ija. Musafufute uthengawo, chifukwa mukaimbira kampani chimene adzafunse choyamba ndi nambalayo, tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama.

Akuba nawo anazindikira kale kuti timakhulupirira uthenga kuposa kaundula. Amakutumizirani meseji yolembedwa m'Chipwitikizi chofanana ndendende ndi cha kampani, yonena kuti mwalandira 2,500, kenaka amaimba ndi mawu achisoni: "Pepani bambo, ndalakwitsa nambala, zinali za kuchipatala, ndibwezereni." Mukayang'ana pamwamba pa mesejiyo mupeza kuti yachokera ku nambala ya munthu wamba, osati pa dzina la kampani pamene mauthenga ena onse amafikira. Mukafunsa ndalama zotsala mupeza kuti sizinasinthe. Mukatumiza, zikuchoka ndi zanu zenizeni. Ngakhale zitakhala kuti munthu walakwitsadi, njira yake ndi yakuti iye aimbire kampani, imene ili ndi mphamvu yoona ntchitoyo m'kaundula n'kuibweza. Zimandiwawa kuti okalamba athu, amene Chipwitikizi sachiwerenga bwino, ndiwo amagwidwa kwambiri, ndipo ena amafika popereka foni ndi nambala yachinsinsi kwa mlendo kuti awawerengere.

Tsopano ine ndi amayi tinagwirizana chochita. Ndikamatumiza ndimawerenga nambala yawo kawiri ndisanatsimikize, poti makina sadziwa amene ndimafuna kumutumizira, amangotsata manambala amene ndalemba, ndipo wolandira molakwika akathamangira kukatapa, kubweza kumavuta kwambiri. Ndikatha ndimawaimbira n'kuwauza kuchuluka kwake. Iwo sadikiranso kuti foni ilire, amangofunsa zotsala. Ndipo ngati ndalamazo ndi zambiri, achimwene amadzera kwa ajenti madzulo ake kukamuuza kuti mawa amayi adzafuna 3,000, kuti akamapita ku Ulongwe awawerengeremo.