Inu osainira ntchito mothamanga, werengani ndime ya bondi kaye

Ana anga, pali khalidwe limene landikwana. Munthu akakupatsani kalata ya ntchito ya masamba 6, maso anu amathamangira pamene alemba malipiro, kenako patsamba lomaliza posainira. Zapakatizo mumangoziphethira. Mukatuluka mu ofesimo mwayamba kale kujambula zithunzi ndi kuimbira abale kuti Mulungu wayankha. Wayankhadi, koma patsamba lachinayi pali ndime imene ikunena kuti kampani ikakuphunzitsani kosi, inu n'kuchoka nthawi isanakwane, mudzabweza ndalama zake. Imeneyo ndiye bondi, ndipo ndi ngongole monga ngongole ina iliyonse, kungoti simunaigwire m'manja.

Sindikunena zongomva ayi. Mwana wa mchemwali wanga anayamba ntchito ya zowerengera ndalama pakampani ina ku Limbe mu Okutobala 2023, malipiro K450,000 pamwezi. Anamulipirira kosi ya miyezi 8. Zonse pamodzi, fizi, mabuku, thiransipoti ndi alawansi, zinakwana K3,600,000, ndipo bondi yake inali ya miyezi 36. Kumapeto kwa Meyi 2025 anapeza ntchito ina ya K600,000. Anabwera kwathu nkhope ili mwee, atawerengera kale pafoni. “Malume, ndagwira miyezi 20, yatsala 16. Mwezi uliwonse ndi K100,000, ndiye ndibweza K1,600,000 basi.” Masamu ake analibe vuto, koma kalata anasainayo sinanene zimenezo.

Poyamba pomwe anaphonya tsiku limene bondi imayamba kuwerengedwa. Iye ankawerenga kuchokera tsiku loyamba ntchito. Ndimeyo inkanena kuti miyezi 36 idzayamba akadzamaliza kosi. Kosi inatha mu Meyi 2024, choncho miyezi 8 yoyambirira ija, ngakhale ankadzuka m'mamawa kukakwera minibasi ngati wantchito wina aliyense, sinali m'kaundula wa bondi. Anali atagwira miyezi 12 yokha, yotsala 24. Pamenepo ngongole yafika kale pa K2,400,000. Ndipo iye anachita mwayi, chifukwa makalata ena amati nthawi iyamba satifiketi ikafika, pamene tonse tikudziwa kuti satifiketi imatha kuchedwa miyezi. Ena amati mukalephera mayeso n'kubwereza, nthawi siyamba mpaka mutakhoza. Funsani tsiku lenileni, alilembe.

Koma chimene chinamugwetsa ulesi ndi china. Iye ankangoganiza kuti ngongole imachepa mwezi ndi mwezi, poti ndi mmene chilungamo chimaonekera. M'makalata abwino zimalembedwadi choncho: mwina amagawa ndalamayo ndi miyezi ya bondi, mwina amaika masitepe, kuti wochoka m'chaka choyamba abweza zonse, m'chaka chachiwiri theka, m'chaka chachitatu gawo limodzi mwa magawo anayi. M'kalata yake munalibe mawu otero ngakhale amodzi. Inkangoti wochoka miyezi 36 isanathe adzabweza ndalama zonse. Wochoka atagwira mwezi umodzi ndi wochoka atagwira miyezi 35 mlandu wawo ndi umodzi. Mukawerenga ndime ya bondi osapezamo njira yochepetsera, musadzinamize kuti bwana adzakumverani chisoni. Tsiku lochoka simukambirana ndi bwana uja anakumwetsani tiyi. Mukambirana ndi kalata yochokera kwa loya wa kampani.

Tafika pa K3,600,000, koma sitinathe. Mwa ndalama imeneyi, fizi ya kosi inalipiridwa kubungwe la mayeso la kunja, madola 2,000. Pamene kampani inkalipira, dola inali pafupifupi K1,180, ndiye fizi inali K2,360,000. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kufika cha m'ma K1,700. Tonsefe tinalira nazo pogula sopo ndi feteleza, koma mwanayu sanadziwe kuti tsiku lomwelo ngongole yake yakula ali khale pa desiki. Mzere wina waung'ono unkati zolipiridwa m'ndalama zakunja zidzabwezedwa pamtengo wa tsiku lobwezera. Pa K1,750, madola 2,000 aja anasanduka K3,500,000. Kuphatikiza K1,240,000 ya zinazo, kalata ya kampani inabwera ndi K4,740,000. Ntchito yatsopanoyo inkamuwonjezera K150,000 pamwezi, msonkho usanadulidwe. Gawani nokha: kuwonjezera konseko kwa miyezi yoposa 31 kunali kothera kubweza bondi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake ndimati musavomere ndime imene ikungoti “ndalama zonse zimene kampani yawononga” popanda nambala. Mawu amenewo ndi thumba lopanda pansi. Muli fizi, inde, koma ena amaponyamo malipiro a masiku amene munali m'kalasi, malo ogona, ngakhale maphunziro a m'kati mwa kampani momwemo amene wantchito aliyense watsopano amayenera kupatsidwa kuti adziwe ntchito. Pemphani kuti alembe chinthu ndi mtengo wake, m'makwacha, ndipo aike malire. Onaninso mawu onena za kuchoka. “Mukasiya ntchito mwa kufuna kwanu” n'zosiyana kutalitali ndi “ntchito ikatha pa chifukwa chilichonse.” Mawu achiwiriwa akhoza kukutsatani ngakhale kampani itakuchotsani yokha pochepetsa antchito.

Tsopano ndidzidzudzule ndekha, chifukwa imvi zanga sizinandithandize. Patsamba lomaliza panali malo awiri osainira, ndipo achiwiriwo ndinasaina ndine. Ndinkayesa ndikusaina ngati mboni, yongoti ndaona mwana akulemba dzina lake. Ayi ndithu, ndinasaina ngati womuimira, wolonjeza kuti iye akalephera kubweza ndidzabweza ine. Mboni ilibe ngongole, womuimira ali nayo. Makolo anzanga, mwana akabwera ndi pepala madzulo akuti “mungosaina apa, likufunika mawa,” valani magalasi muwerenge mawu ali pamwamba pa mzerewo. Ine sindinatero, ndipo kalata ya loya inabwera m'mayina awiri.

Ena mwa inu mumadzitama kuti bondi ndi kuopseza chabe, palibe angakumangeni. Zoona, palibe angakukakamizeni kugwira ntchito imene simukuifuna, ndipo mukaona kuti ndalama akukulipiritsani yaposa zimene anawonongadi, pali ofesi ya zantchito paboma panu komanso khoti la milandu ya apantchito, kumene mungakadandaule. Koma kumeneko adzayamba ndi pepala lomwe lija lili ndi siginecha yanu, ndipo mlandu umadya nthawi ndi ndalama. Nthawi imene muli ndi mphamvu ndi pamene simunasaine, kampani ikukufunani. Pemphani masiku awiri mukawerenge kunyumba, muonetse munthu wodziwa malamulo, ndipo kope yosainidwa mbali zonse muisunge. Bwana wokana kukupatsani masiku awiri wakuuzani kale kanthu za ndime imeneyo.

Ife tinapita kukagwada. Tinapempha malisiti a chilichonse, ndipo tinapeza kuti alawansi ina anaiwerenga kawiri. Atachotsa imeneyo anavomeranso kuwerengera miyezi 12 ija, ngakhale kalata sinawakakamize kutero, ngongole n'kutsikira pa K3,000,000, yobweza K125,000 pamwezi kwa zaka ziwiri. Mwanayo akubwezabe, ndipo tsiku la malipiro likafika ndimamuimbira foni ndisanadye nsima, poti dzina langa likadali papepala lija.