Hambahamba wa Azulu si yendayenda wathu

Mwezi wathawu ndinabinya mwendo potsika takisi pa Bree kuno ku Joni, ndiye ndakhala masiku angapo ndili gone m'chipinda changa ku Yeoville. Agogo ena achizulu oyandikana nane atabwera kudzandizonda anandiuza kuti "hambahamba", ine mtima unagunda, chifukwa kwathu munthu akakunena kuti ndiwe woyendayenda ndiye kuti wakutukwana basi. Koma iwo amatanthauza kuti ndiziyendako pang'ono pabwalo kuti mwendo usaume. Mawu kapangidwe kake kofanana ndendende, hamba kawiri, yenda kawiri, koma tanthauzo lapita kosiyana, ndipo chiyambire tsiku limenelo nkhaniyi sikundichoka m'mutu.

Ife Amalawi tikabwereza mneni timakhala tikuchulukitsa. Kulembalemba ndi kulemba kambirimbiri kapena kulemba apa ndi apo, kufunsafunsa ndi kufunsa anthu ambiri kapena kufunsa mpaka kutopetsa, ndipo nthawi zambiri mumakhala kakudandaula kuti chinthucho chikuchitika mopanda dongosolo. Apa munthu ukhoza kunena kuti mawu akujambula chimene akunena, mawu achuluka ndiye zochitikanso zachuluka. Ngakhale pofotokoza zinthu zimatero, nyumba imodzi timati yaikulu koma zikakhala zambiri timati zikuluzikulu, ana ang'onoang'ono, kulowa awiriawiri. Zimenezi zimakoma kumva ndipo ine ndinkaganiza kuti ziyankhulo zonse zili choncho, mpaka nditafika kuno ku Joni.

Mchizulu kubwereza mneni nthawi zambiri kumachepetsa, kuchita chinthu pang'ono, mosalimbikira kwenikweni. Koma chimene chinandidabwitsa kwambiri ndi mmene amadulira mawuwo. Tengani kuthamanga. Tsinde lathu ndi tha-ma-nga, maphatikizo 3, ndipo timalikopera lonse, thamangathamanga. Palibe Mmalawi anganene kuti thamathamanga, akhoza kumuseka mpaka ana. Azulu kuthamanga amati gijima, gi-ji-ma, maphatikizo 3 omwewo, koma iwo amangotenga awiri oyambirira nkuwaika kutsogolo, gijigijima. Kugwira ntchito ndi sebenza, akabwereza ndi sebesebenza, nza uja watsala. Ine ndinayesapo kunena sebenzasebenza kuntchito, mnzanga wa ku KwaZulu-Natal anandimva koma anandikonza pompo. Zili ngati chikombole cha njerwa, dothi lichuluke bwanji chimangolowetsa muyezo wake, pomwe ife tsinde litalike bwanji timalinyamula lonse ndi zomatidwa kumapeto kwake zomwe, lemberanalemberana. Chimene timasiya ndi zakumayambiriro zokha, timati ndinamufunsafunsa, ndi, na komanso mu sabwerezedwa ayi.

Ndiye apa pali msampha umene ine ndinagweramo poyamba. Ndinaganiza kuti aa ndaipeza, Azulu amakopera pang'ono chifukwa akutanthauza pang'ono, ife timakopera zonse chifukwa tikutanthauza zambiri. Zikumveka bwino eti? Koma bwererani kwa agogo aja. Hamba ali ndi maphatikizo 2 okha, ndiye chikombole chimamutenga yense, hambahamba, kukopera kwathunthu ngati kwathu komwe, koma tanthauzo likadali loti pang'ono. Kukanakhala kuti kutalika kwa chokoperacho ndiko kumapereka tanthauzo, hambahamba akanakhala yendayenda. Choncho muyezo wa maphatikizo ndi lamulo la kamvekedwe ka mawu, liri palokha, ndipo tanthauzo chiyankhulo chimasankha pachokha. Njira yoyesera ndi imeneyo, osayesera pa mneni wa maphatikizo 2 chifukwa pamenepo ziyankhulo ziwirizi zimaoneka zofanana, tengani wa 3 kapena 4 ndiye kusiyana kumaonekera.

Pamene timakumana ndi pa aneni aafupi kwambiri, a phatikizo limodzi. Kudya tsinde lake ndi dya basi, koma sitinena kuti kudyadya, timati kudyaidya, kumwaimwa, kugwaigwa. I ameneyo alibe tanthauzo lililonse, wangobwera kudzakwaniritsa maphatikizo 2, ndi yemwe uja timamuika polamula kuti idya kapena imwa pomwe pa mneni ngati lemba sitimufuna. Azulu nawo dla wawo amasanduka dlayidla, yi kulowa pakati, ndipo polamula amati yidla. Ndiye kuti chikombole nafenso tili nacho, kungoti chathu chimangoletsa kufupika, chawo chimaletsa kufupika ndi kutalika komwe. A Pulofesa Al Mtenje a ku Chanco analembapo kwambiri za kubwereza kwa aneni m'Chichewa, mpaka kuonetsa kuti ife timakopera ndi kukwera kwa liwu komwe, chinthu chimene ziyankhulo zambiri zachibale sizichita.

Dzulo agogo aja anandipeza ndikuzungulira pabwalo ndi ndodo, ndinawauza kuti ngiyahambahamba, iwo nkugwedeza mutu kuti eya, koma ndisapitirire pageti kaye.